Bondo Likakhala m'Chikhakha, Nsima Tichepetse Motani?

Wosewera mpira akavulala, miyendo imaima tsiku lomwelo koma m'mimba simumva uthengawo msanga. Njala imabwerabe pa nthawi yake, ndipo dzanja lomwe linazolowera kutapa mitanda itatu limatapabe itatu. Pakatha mwezi ndi theka chikhakha n'kuchotsedwa, kabudula wamasewero amayamba kuthina m'chiuno pomwe ntchafu yovulalayo yafota. Izi zimagwera osewera a matimu aakulu ngati Moyale Barracks ndi Mzuzu City Hammers, ndipo zimatigweranso ife amene timasewera mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye pasukulu kapena m'mabwalo a m'makwalala a Mzuzu. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tilibe woti atiyang'anire m'mbale.

Ambirife timadziwa njira ziwiri zokha, kudya ngati kale kapena kudzimana kwambiri poopa kunenepa. Zonsezi zimapweteka, ndipo yachiwiriyi imapweteka mobisika. Kuti tione chifukwa chake, tiyeni tiwerengere pa munthu mmodzi.

Tiyerekeze mnyamata wolemera makilogalamu 65, wokhala ku Chibavi, amene amachita zokonzekera masiku asanu pa sabata. Mphamvu ya m'chakudya timaiyeza m'makalori. Thupi la mnyamatayu, ngakhale atangogona tsiku lonse, limatentha makalori pafupifupi 1,600 pa kupuma, kupopa magazi ndi kudzifunditsa. Ola limodzi ndi theka la zokonzekera limadya ena pafupifupi 600. Tikaphatikiza kuyenda wapansi kupita m'tauni ndi kubwerera, kutunga madzi ndi ntchito zina, akhoza kumadya makalori 2,900 pa tsiku osanenepa. Tsopano wabinya kakolo moipa, ndipo achipatala amuika m'chikhakha masabata asanu ndi limodzi. Zokonzekera zatha, kuyenda kwasanduka kukwera kabaza. Thupi lake tsopano likufuna makalori ngati 2,300 kapena 2,400 basi.

Akapitiriza kudya monga kale, tsiku lililonse pamatsala makalori 500 opanda ntchito. M'masiku 42 amakwana 21,000. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho mnyamatayu adzatuluka m'chikhakha ndi mafuta oonjezera oyandikira makilogalamu atatu. Si ambiri powamva, koma kakolo wongochira kumene ndiye adzawasenze pa kudumpha kulikonse.

Tione bwino kuti kusiyanaku ndi 500 chabe, osati theka la chakudya chake. Pali zifukwa ziwiri zomwe sitichotsera zambiri. Choyamba, kupoletsa bala ndi ntchito. Thupi likamalumikiza fupa kapena minyewa yong'ambika limatentha mphamvu zoposa za munthu wongokhala, ndipo pambuyo pa opaleshoni kapena kuthyoka fupa lalikulu kukwerako kumakhala kwakukulu ndithu. Chachiwiri, kuyendera ndodo kumadya mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi kuyenda wamba pa mtunda womwewo. Aliyense amene anakwerapo chitunda cha ku Masasa pa ndodo amadziwa thukuta lake. Wovulala akadzimana mpaka kumadya kamodzi pa tsiku, thupi limayamba kuphwanya minofu yake kuti lipeze zomangira bala. Sikelo imaonetsa kuti watsika, iye n'kumasangalala, koma chomwe chapita ndi mnofu womwe adzaufune pobwerera m'bwalo.

Nkhani ya mnofuyi ndiyo yofunika kuimvetsa kuposa zonse. Mwendo ukangomangidwa osagwira ntchito, mnofu wake umayamba kufota pasanathe sabata. Komanso mnofu wongokhalawo umakhala ngati wagontha: zakudya zomanga thupi zomwe kale zinkaukwanira tsopano suzilabadira mokwanira. N'chifukwa chake wovulala amafunika mapuloteni ochuluka kuposa pamene anali bwino, ngakhale chakudya chonse chikuchepa. Akatswiri a zakudya za osewera amalangiza magalamu oyambira pa 1.6 mpaka kupitirira pang'ono 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa mnyamata wathu ndiye kuti magalamu 104 mpaka 130 pa tsiku, ndipo amagwira bwino ntchito akagawidwa kanayi, magalamu 25 kapena 30 ulendo uliwonse, kusiyana ndi kuwaunjika onse pa chakudya chamadzulo.

Apa m'pamene kadyedwe kathu kamatigwetsa. M'mawa timadya phala la shuga kapena mbatata, momwe mapuloteni ndi ochepa kwambiri. Masana ndi madzulo nsima ndiyo imadzaza mbale, ndiwo n'kukhala zongopakira. Wovulala ayenera kutembenuza mbaleyo. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 a mapuloteni. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo kapu ya mkaka kapena chambiko ili ndi 8. Usipa wouma wa ku Nkhata Bay, womwe sumasowa mumsika wa Mzuzu, woposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, moti magalamu 50 okha akukwanitsa muyezo wa chakudya chimodzi. Poti timaudya ndi minga yomwe, umapatsanso kashiamu womanga mafupa. Kwa anzathu osadya nyama ndi nsomba, nyama ya soya yam'mapaketi ndi yothandiza mofanana: theka la kulemera kwake isanaviikidwe ndi mapuloteni. Kungoti tizolowere kuiphika ndi tomato ndi anyezi osaisambitsa m'mafuta.

Mtedza tiusamale. Uli ndi mapuloteni ambiri ndithu, koma magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550, kuwirikiza kawiri mtanda wa nsima. Kutendera masamba kuli bwino. Kukhala pakhonde ndi mbale ya mtedza wokazinga uku tikumvera mpira pa wailesi ndiko kumatha makalori a tsiku lonse tisanazindikire.

Nanga makalori 500 aja tiwachotse pati? Mtanda wa nsima wapakatikati uli ndi makalori 250 mpaka 300. Mnyamata wathu akasiya mtanda umodzi pa tsiku, makamaka madzulo, theka la ntchito latheka. Botolo limodzi la chakumwa chozizira cha shuga lili ndi oposa 100. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi 120, ndipo masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga ali ndi 50. Mtanda umodzi, botolo limodzi, supuni ya mafuta ndi shuga wa m'phala, tafika kale pa 500 popanda kudumpha chakudya ngakhale chimodzi. Malo a mtanda wochokawo tidzazemo mpiru, nkhwani, bonongwe kapena kabichi, zomwe kuno timangoti mphangwe, kuti m'mimba musamve kupanda kanthu. Zipatso monga magwafa ndi malalanje zisasowe, chifukwa vitamini C amafunika pomanga minyewa ndi khungu la pabala.

Okonda kondowole adziwe kuti mphamvu zake n'zofanana ndi za nsima ya chimanga, koma mapuloteni ake ndi ochepetsetsa. Mgaiwa uli bwino kuposa ufa woyera chifukwa umakhalitsa m'mimba. Ndipo chipisi cha pa chiwaya, ngakhale chimakoma ndi kabichi ndi tsabola wake, ndi mbatatesi yomwa mafuta: mbale imodzi ikhoza kubweza makalori onse omwe tachotsa tsikulo.

Pali zina zomwe sizili m'masamu koma zimanenepetsa wovulala kuposa nsima. Kwathu kuno sitipita kukazonda wodwala chimanjamanja. Abale, anzathu a m'timu ndi a m'kalasi amabwera ndi mandasi, mabisiketi, Sobo ndi chindongwa chothira shuga, ndipo kukana kumaoneka mwano. Sitikunena kuti tiwabweze. Tilandire ndi manja awiri, tilawe, zotsalazo tigawire ana ndi anzathu a m'chipinda. Amene amafunsa choti abweretse tiwauze mosabisa kuti mazira, mkaka kapena zipatso. Kenaka pali kuzizira kwa Mzuzu. Mu Juni ndi Julaye, chifunga chikakuta Katoto ndi Luwinga, munthu wongokhala m'bulangete amalakalaka chakumwa chotentha cha shuga ndi buledi maola awiri alionse. Nthawi zambiri kumeneko kumakhala kusowa chochita ndi kuzizidwa, njala yeniyeni palibe. Kukhala ndi nthawi zinayi zodziwika zodyera kumathandiza kuposa kudalira kudziletsa.

Tingadziwe bwanji kuti zikuyenda? Sikelo payokha imanama pa nthawi ino. Sabata yoyamba munthu akhoza kutsika kilogalamu imodzi chabe chifukwa chochepetsa zokhutitsa: shuga wosungidwa m'minofu amasunga madzi owirikiza katatu kulemera kwake, ndipo akachepa madziwo amachoka. Chikhakha nacho chili ndi kulemera kwake. Komanso mnofu ukhoza kumachoka mafuta n'kumalowa m'malo mwake, sikelo osasuntha. Njira yodalirika ndi tepi ya telala. Tiyeze chiuno pa mchombo kamodzi pa sabata, m'mawa tisanadye. Chikakwera ndi masentimita awiri m'masabata awiri kapena atatu, tichotsenso pang'ono pa zokhutitsa ndi mafuta. Koma tikaona kuti tikutsika kuposa theka la kilogalamu sabata iliyonse, tikumva chizungulire poimirira, tikusowa tulo ndi njala, kapena bala likuchedwa kuuma, ndiye kuti tachotsa zambiri, tibwezere theka la mtanda uja. Kwa atsikana, kusiya kusamba pa nthawi yodzimana chakudya ndi chizindikiro choti thupi lapereweredwa mphamvu, ndipo mafupa ndiwo amavutika. Pamenepo mpofunika kuonana ndi achipatala. Amene ali ndi matenda a shuga kapena a impso asasinthe kadyedwe motere asanafunse dokotala, ndipo mankhwala opha ululu monga buluufeni asamwedwe m'mimba mopanda kanthu pofuna kupulumutsa makalori.

Kupuma wamba, monga pa tchuthi kapena ligi ikatha mvula ili pakati, n'kosavuta kuposa apa. Palibe bala lodya mphamvu ndipo miyendo yonse ikuyenda, choncho timangochotsa zomwe zokonzekera zinkadya. Masiku atatu kapena anayi opuma safuna kusintha kalikonse. Kupuma kopitirira sabata ndiye kumafuna kuti mtanda uja uchoke.

Chikhakha chikachoka mafizo n'kuyamba, chakudya chibwerere motsatira ntchito, osati tsiku limodzi. Masabata oyamba a mafizo amatopetsa koma satentha mphamvu zambiri, choncho mbale ikhale momwemo, mazira kapena mkaka tizidya tikangomaliza masewerowo kuti mnofu wofota uja upeze zomangira. Mnyamata wathu akayamba kuthamanga mphindi 30, abwezere theka la mtanda pa masiku othamanga okhawo. Mtanda wonse ubwerere pamene wayambanso kumaliza zokonzekera za ola limodzi ndi theka pamodzi ndi anzake.