Tsiku la kiliniki likasintha, werengani mapiritsi otsala

Mankhwala akachepa m'chipatala cha boma, odwala ambiri amadziwira pa pepala lomatidwa pakhomo, losainidwa ndi mkulu woyendetsa ntchito za chipatalacho. Nthawi zambiri uthenga wake umakhala waufupi: kiliniki ya khunyu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi yasunthidwa, kapena maopaleshoni omwe si adzidzidzi ayamba aima kaye.

Gwero la vutoli limakhala kutali ndi khomo limenelo. Zipatala za boma zimaitanitsa mankhwala ambiri ku Central Medical Stores Trust, ndipo ochuluka mwa mankhwalawo amagulidwa kunja. Ndalama zakunja zikasowa, kapena kwacha ikagwa monga inachitira mu Novembala 2023 pomwe inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, katundu amachedwa kufika. Apa akuluakulu a chipatala amasankha kugawa pang'onopang'ono zomwe zatsala kapena kusuntha tsiku la kiliniki.

Chomwe pepala lija silinena n'chakuti tsiku latsopanolo silimayenderana ndi mapiritsi omwe wodwala ali nawo kunyumba. Tiyerekeze mayi wodwala khunyu amene analandira mapiritsi 30 a fenobabitoni, oti azimwa limodzi usiku uliwonse, nauzidwa kuti adzabwerenso pakatha masiku 28. Kiliniki ikasunthidwa ndi masabata awiri, ndiye kuti adzaonana ndi dokotala pa tsiku la 42. Mapiritsi ake adzakhala atatha masiku 12 m'mbuyomo.

Masiku 12 amenewo ndi oopsa. Fenobabitoni sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa munthu angathe kuyamba kugwa mobwerezabwereza, mwinanso osatsitsimuka. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, muthamangire naye wodwalayo kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi tsiku la kiliniki kaya ayi. N'chimodzimodzinso ndi wodwala shuga amene amadalira insulini: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza ndi kufooka n'zizindikiro zoti asadikirenso.

Choncho mukaona chidziwitso chotere, werengani mapiritsi anu tsiku lomwelo. Akakhala kuti safika pa tsiku latsopanolo, pitani ndi buku lanu la kuchipatala asanathe, mukafunse ngati alipo ochepa okufikitsani, kapena mankhwala ena omwe dokotala angakulembereni m'malo mwake. Osadula piritsi pakati kuti lichedwe kutha, ndipo osabwereka a mnzanu, poti mlingo umasiyana. Mukauzidwa kuti mukagule kufamase kapena kuchipatala cha mishoni, dzina la mankhwala ndi mlingo wake zilembedwe bwino m'bukumo.

Nawonso olemba zidziwitso ali ndi mbali yawo. Pepala lothandiza limatchula mankhwala omwe asowa, tsiku lenileni la kiliniki ndi chipinda chomwe angapiteko munthu amene mankhwala amuthera. Liyeneranso kudutsa kwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi wayilesi za m'dera, chifukwa wokhala kutali akalimvera pakhomo la chipatala amakhala atawononga kale ndalama ya kabaza.