Wodiropu Yakanika Pakhomo: Manambala Oyenera Kumuuza Wogula

Akalipentala a m'mbali mwa msewu ku Mchesi kapena ku Ndirande amakhoma mipando yawo pabwalo, pomwe palibe khoma kapena denga. Pamtetetepo wodiropu ya zitseko zitatu imaoneka yapakatikati, ndipo pa chithunzi cha pa WhatsApp imachepanso kuposa pamenepo. Wogula akafunsa kukula kwake, yankho limakhala lakuti "ndi yaikulu bwino, bwana." Kukula kwenikweniko kumakadziwika pikapu itatsitsa katundu, anyamata anayi ali thukuta kamukamu pakhomo la kuchipinda, woyendetsa galimoto akufuna ndalama yake kuti azipita.

Wogulitsa ayenera kupereka manambala atatu, ndipo nambala iliyonse aitchule dzina: msinkhu kuchoka pansi kufika pamwamba, kutambalala kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndi kunenepa kuchoka kumaso kufika kumsana. Kungolemba kuti 195 x 150 x 60 sikokwanira, chifukwa masitolo ena amayamba ndi kutambalala, ena msinkhu. Atchulenso kuti ndi masentimita kapena mainchesi. Tepi ya kalipentala ili ndi zonse ziwiri, ndipo amisiri ambiri anazolowera mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho mmisiri akanena kuti 60 ali ku mbali ya mainchesi, akunena masentimita 152.

Tepi igwire pomwe patukuka kwambiri. Msinkhu uyambire pansi pa miyendo mpaka pamwamba pa chisoti chokongoletsa chija, chomwenso nthawi zambiri chimatulukira m'mbali. Kunenepa kuphatikize zogwirira zitseko. Thupi la masentimita 57 likakhala ndi zogwirira za masentimita 3, nambala yomuuza wogula ndi 60, ndipo mumuuzenso ngati zogwirirazo, miyendo ndi chisoti zimamasuka. Nthawi zina masentimita ochepa amenewo ndi amene amapulumutsa felemu ya eninyumba.

Wogula nayenso ali ndi ntchito yake. Zitseko zambiri zogula zopangapanga kuno kum'mwera kwa Afirika ndi za masentimita 81 m'lifupi ndi 203 m'litali, koma mpata wodutsa katundu sufika pamenepo. Felemu ili ndi kamlomo komwe chitseko chimatsamira, ndipo chitseko chotsegula chimatsala pa mahinjesi n'kudya masentimita ena anayi. Kawirikawiri pamatsala pafupifupi 77. Ngati matailosi anaikidwa felemu itakhala kale, msinkhu nawo umatsika kufika cha m'ma 200. Ndiye tsegulani chitseko mpaka pomwe chimalekezera, muyeze mpata womwe mukuuona ndi maso, osati chitsekocho. Yezani makomo onse a m'njira, kuyambira lakunja, lomwe mwina lili ndi chitseko chachitsulo chotchinga akuba.

Titenge wodiropu ya msinkhu 195, kutambalala 150 ndi kunenepa 60. Nkhope yake ya 150 singalowe pa 77, koma palibe amene amailowetsa chamaso. Imalowa cham'mbali ili chiimire: 60 amadutsa pa 77, ndipo 195 amadutsa pansi pa 200, bola onyamula asainyamule m'mwamba. Ikhozanso kugonekedwa pa nthiti yake n'kulowa chamutu. Mwa manambala, khomo lokhalo lilibe mlandu.

Vuto limabisala m'kolido. Tinene kuti kolidoyo ndi ya masentimita 90 m'lifupi, ndipo khomo la kuchipinda lili m'khoma la m'mbali. Wodiropu ikuyenda motsata kolido, kenako iyenera kukhota. Mutu wake ukayamba kuloza pakhomo, matako ake amapita kukhoma la kuseri. Kuti thupi lonenepa 60 lilowe pa mpata wa 77, liyenera kukhala litakhota kupitirira theka la ngodya yonse, ndipo pofika pamenepo matako a wodiropu ya 150 amafuna kolido ya masentimita pafupifupi 117. Ilipo ndi ya 90. Pa kolido ndi khomo zimenezi, wodiropu yonenepa 60 singapitirire kutambalala pafupifupi 115. Kuigoneka kumangoonjezera mavuto, chifukwa tsopano chokhotacho ndi 195. Apa m'pamene anthu amayamba kukankha mwamphamvu, pulasitala n'kugumuka, galasi n'kung'aluka, wina n'kupereka nzeru yochotsa felemu ya windo m'nyumba ya lendi.

Simukusowa masamu kuti mudziwe zimenezi. Pezani makatoni akale, muwalumikize ndi selotepi, mudule chidutswa cha 150 kwa 60, chomwe ndi phazi la wodiropuyo. Chikokeni pansi kuchoka pakhomo lakunja mpaka kuchipinda, osachipinda kapena kuchitukula mbali imodzi. Pomwe katoni yakana, wodiropu ikakananso. Ine ndimaona kuti njira imeneyi imaposa tepi, chifukwa imagwira ngakhale zinthu zomwe munthu saziganizira, monga chipilala chotulukira kapena khomo loyandikana ndi ngodya.

Katoni ikakana, mankhwala ake ali kwa kalipentala. Wodiropu ya 150 ikhoza kukhomedwa zigawo ziwiri, cha 100 ndi cha 50, zodzalumikizidwa ndi mabawuti m'chipinda momwemo. Chigawo cha 100 chimakhota m'kolido ija. N'chifukwa chake wogulitsa ayenera kunena poyera ngati wodiropu imamasuka kapena ndi ya misomali ndi guluu. Ya misomali ndi guluu simasulidwa, imaphwasulidwa, ndipo ikakhala ya bulokubodi kapena ya matabwa a utuchi wopanikiza sibwereranso mwakale.

Pali nambala yachinayi yomwe ambiri saiyeza. Wodiropu ikalowa chogona, iyenera kudzutsidwa, ndipo podzuka ngodya yake imakwera kupitirira msinkhu wake. Ikani tepi chopingasa, kuchoka pa ngodya yapansi kufika pa ngodya yapamwamba ya mbali inayo. Ikadzukira pamsana, muyeze panthiti, ndipo pa wodiropu yathu mupeza 204. Koma ikadzuka itagonera nthiti, chopingasa chofunika ndi cha kumaso, chomwe ndi 246, ndipo siling'i ya 240 iikaniza. Ikatero imafunika kuigwetsera kaye chagada ndi kuidzutsa kuchokera pamsana, zomwe zimafuna malo pansi, bedi lisanalowe.

M'chipindamo, yezani khoma pansi, pakati ndi pamwamba, mutenge nambala yaing'ono, chifukwa pulasitala sawongoka kawirikawiri ndipo sikating'i imadya sentimita imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse. Onani pomwe pali soketi ndi switchi. Wodiropu ikatseka soketi yokhayo ya m'chipinda, mudzakhala mukutchaja foni pabalaza.

Chomaliza ndi mpata wa kutsogolo. Chitseko chilichonse cha wodiropu yathu ndi cha masentimita 50, ndipo chimafuna 50 yonseyo kuti chitseguke, kuphatikizapo poima munthu. M'chipinda cha masentimita 300, wodiropu itatsamira khoma lina ndipo bedi la dabulo la 137 litatsamira khoma loyang'anizana nalo, pakati pamatsala 103, ndipo zonse zimayenda. Chipinda chikakhala cha 270 ndipo bedi n'kukhala la kwini la 152, pamatsala 58: chitseko chimatseguka mokhula chofunda, ndipo wotenga malaya amachita kugwada pabedi. Pamenepo funsani zitseko zotsetsereka, koma mudziwe kuti njanji zake zimadya masentimita angapo m'kati. Musalole kuti mmisiri achepetse kunenepa pofuna kupeza malo. Hang'ala ndi ya masentimita pafupifupi 45, ndipo jekete likakolekedwapo limafuna m'kati mwa masentimita 55, apo ayi mikono yake izipanidwa ndi chitseko.