Kalata ya kusukulu: lembani zimene mwana wachita

Kalata yoitana kholo kusukulu siiwerengedwa ndi munthu mmodzi. Ana ambiri amaleredwa ndi agogo, azakhali kapena amalume, ndipo ngati wolera mwanayo maso akuvuta kapena sadziwa kuwerenga, kalatayo imapita kwa woyandikana naye nyumba kuti aiwerenge mokweza pakhonde. Mawu amene mphunzitsi analemba ali wokwiya amamveka ndi mudzi wonse, kenako kope lake limatsala mu faelo ya mwana ku ofesi ya ahedi mpaka adzamalize sukulu.

Tiyerekeze mnyamata wa Fomu 3 pa sukulu ya sekondale yoyendera, amene amakhala ndi agogo ake aakazi. Aphunzitsi a kalasi yake atopa naye, ndipo alemba motere: "Tikukudziwitsani kuti mdzukulu wanu ndi wamwano, waulesi komanso wosamva. Nthawi zonse amachedwa ndipo alibe ulemu kwa aphunzitsi. Zikuoneka kuti kunyumba simumulangiza. Mubwere mwamsanga, apo ayi timuchotsa sukulu."

Agogo akamva kalata iyi adziwa kuti aphunzitsi akwiya, basi. Sadziwa tsiku, sadziwa chimene mwana ananena, sadziwa ngati "mwamsanga" ndi mawa kapena sabata yamawa. Akamufunsa mnyamatayo kuti, "Iwe, akuti ndiwe wamwano?" iye angoyankha kuti aphunzitsiwo amadana naye, nkhani n'kuthera pomwepo, chifukwa palibe chogwirika choti avomere kapena akane. Chotsala kwa agogo ndi kumukalipira mwachimbulimbuli kapena kumuikira kumbuyo. Ndipo chiganizo chija chakuti "simumulangiza" chaweruza munthu amene sukulu ikufuna kuti aithandize. Adzafika ku ofesi atakonzekera mkangano.

Kukonza kalata yotere kumayambira m'kaundula wa kalasi, osati m'mutu mwa mphunzitsi. Pa liwu lililonse loweruza, wolemba adzifunse kuti: ndinaona chiyani, kapena ndinamva chiyani, chimene chinandichititsa kunena zimenezi? Munthu wongodutsa pawindo sangaone ulesi. Angaone kope la masamu lopanda ntchito imene inaperekedwa dzulo. Chimene munthu wapawindoyo akanaona kapena kumva ndicho chilowe m'kalata.

Tiyambe ndi "nthawi zonse amachedwa". Kaundula akuonetsa kuti pa masiku 20 a sukulu, kuyambira pa 3 mpaka pa 28 Febuluwale, mnyamatayu anafika belu la 7:30 litalira kale masiku 6. Masiku ena 14 anafika pa nthawi yake, kotero "nthawi zonse" linali bodza, ndipo mwana wochenjera akanagwira pomwepo kuti agwetse kalata yonse. Koma pali china. Masikuwo atalembedwa mondondoza, 4, 11, 14, 18, 20 ndi 25, zikuoneka kuti anayi mwa iwo ndi Lachiwiri. Aphunzitsi mwina sangaone kanthu pamenepa, koma agogo angazindikire msanga ngati Lachiwiri ndi tsiku la msika ndipo ndi iwo amene amamutuma kukasiya dengu la tomato asanapite kusukulu. Liwu lakuti "waulesi" likanabisa zonsezi.

"Wamwano" ndi "alibe ulemu" zinachokera pa chochitika chimodzi, ndipo chimenecho chilembedwe monga chinachitikira, ndi mawu enieni amene mwana analankhula. Kalata yokonzedwa ikhoza kumveka chonchi:

"Okondedwa Agogo, tikulemba za mdzukulu wanu wa Fomu 3. Pakati pa 3 ndi 28 Febuluwale anafika kusukulu nthawi ya 7:30 itadutsa masiku 6: pa 4, 11, 14, 18, 20 ndi 25. Lachinayi pa 27 Febuluwale, pa phunziro la masamu, aphunzitsi anamupempha kope la ntchito ya kunyumba. Iye anayankha kuti, 'Sindinalembe, musandifunsenso,' ndipo anatuluka m'kalasi osapempha chilolezo. Anabwerera nthawi yopuma itatha. Malamulo a sukulu yathu salola wophunzira kutuluka phunziro lili mkati popanda chilolezo. Achiwiri kwa ahedi atacheza naye pa 28, anavomera kuti ananena mawuwo, ndipo anati anzake anamuseka pamene ankafunsidwa. Tikukupemphani mubwere naye Lachitatu pa 5 Malichi, 9 koloko m'mawa, kuti timve maganizo anu tisanagamule chilichonse. Ngati tsikuli silikutheka, tiuzeni kuti tipeze lina."

Ena amati kulemba motere ndi kunyengerera mwana. Ine ndimaona kuti kalata yachiwiriyi ndi yolemera kuposa yoyamba ija. Mawu akuti "musandifunsenso" akawerengedwa pamaso pa agogo, iwo sasowa wowauza kuti ndi mwano. Aweruza okha, ndipo chiweruzo chawo mwana sangachitche chidani cha aphunzitsi. Kulemba zoona zokhazokha sikutanthauza kuchepetsa mlandu. Ngati mwana anamenya mnzake mpaka kutuluka magazi m'mphuno, kalata inene zimenezo, isabise ndi mawu ngati "panali kusamvana pang'ono".

Chovuta n'chakuti chiweruzo chimatha kubwereranso mozemba. Munthu amachotsa "wamwano" koma n'kulemba kuti "anayankha mwamwano", kapena "anatuluka dala kuti anyoze aphunzitsi". Mawu ngati "dala", "mwachipongwe" ndi "monga mwa khalidwe lake" amanena za mumtima mwa mwana, mmene palibe mphunzitsi analowamo. Chimodzimodzi "anakana kulemba" ndi "sanalembe": loyambalo n'loona pokhapokha ngati mwanayo ananenadi kuti salemba.

Pa milandu imene wolemba sanaione yekha m'pofunika kusamala kwambiri. Foni ikasowa n'kupezeka m'chikwama cha wophunzira, chodziwika n'chakuti yapezeka m'chikwama chake, pa tsiku lakuti, aphunzitsi awiri akuona. Kulemba kuti "waba" nkhani isanafufuzidwe ndi kugamula mlandu usanazengedwe, ndipo zikadzapezeka kuti mnzake ndiye anaiponyamo, dzina lakuti wakuba lidzakhala litafika kale kumudzi. Ngati nkhani yabwera ndi mtsogoleri wa ophunzira, kalata inene kuti "talandira lipoti lakuti". Maina a ana ena asalowemo. "Wophunzira mnzake" n'zokwanira, kuopa kuti makolo angakatsatane kunyumba.

Palinso mbali ya lamulo. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko la Malawi, a mu 1994, limati munthu ali ndi ufulu woti akuluakulu a boma amuchitire zinthu motsata ndondomeko yachilungamo, komanso kupatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chawo chikumukhudza. Sukulu ya boma ikaimitsa mwana, wolera mwanayo n'kukadandaula ku ofesi ya maphunziro, kalata ija ndiyo idzawerengedwe. "Ndi wosamva" si chifukwa chimene munthu wina angachifufuze. N'chifukwa chakenso chiopsezo chija chakuti "timuchotsa" chachotsedwa: kalata itchule chilango chokhacho chimene malamulo a sukulu amalola pa mlanduwo, ndipo isachilengeze mwana ndi womulera asanamvedwe.

Aphunzitsi, musatumize kalata tsiku lomwe mwakwiyalo. Igone, ndipo m'mawa mwake mupatse mphunzitsi mnzanu amene sanalipo kuti aiwerenge ndi kukuuzani chimene chinachitika. Akalephera kutchula tsiku, malo ndi mawu amene ananenedwa, ilembeninso. Inunso amene mukulera mwana, mukalandira kalata yodzaza ndi "wamwano" ndi "wosamva", pitani kusukulu mukafunse mwaulemu kuti anachita chiyani, liti, ndipo iye mwini anati chiyani atafunsidwa.