Mawu okopa achinyamata kukalembetsa mavoti opanda fungo la chipani

Mawu okopa anthu kukalembetsa m'kaundula wa mavoti ndi chiganizo chachifupi chomwe chimamveka pa wayilesi ndi pa zimkuzamawu, kapena kulembedwa pa zikwangwani ndi pa malaya. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC, bungwe lophunzitsa anthu la NICE Trust, mipingo ndi magulu a achinyamata onse amawagwiritsa ntchito. Ntchito yake ndi kufikitsa mnyamata kapena mtsikana yemwe sanavotepo pamalo olembetsera, osamuuza woti akamuvotere. Kupeka mawu otere n'kovuta ku Malawi, chifukwa mawu ambiri abwino a Chichewa zipani zinawatenga kale.

Mawu akuti "kwacha" akamveka pamsonkhano, anthu amaganiza za chipani cha MCP. Mawu akuti "tonse" anali a wina aliyense mpaka mu 2020, pamene mgwirizano wa zipani womwe unapambana chisankho cha pulezidenti unatenga dzina lakuti Tonse. "Tsogolo lathu" amakumbutsa UTM, ndipo "ung'onoung'ono", mawu okhudza achinyamata enieniwo, anamveka kwambiri pa kampeni ya UDF mu 2014. Mitundu ndi zithunzi nazonso zili ndi eni ake: buluu ndi chimanga ndi za DPP, yelo ndi wa UDF, olenji ndi wa PP, tambala wakuda ndi wa MCP. Uthenga wabwino wolembedwa pa nsalu ya buluu umakhala utasankha kale mbali munthu asanauwerenge n'komwe.

Kukondera kwina kumabisala m'ganizo lenilenilo ngakhale mawu a chipani mulibe. "Lembetsa, tisinthe zinthu" akuthandiza otsutsa boma, pakuti akunena kuti zomwe zilipo si zabwino. "Lembetsa, chitukuko chipitirire" akuthandiza olamula. Kukondera kotereku n'kovuta kukuzindikira chifukwa wopekayo amaona ngati akungonena zoona.

Njira yokonzera mawu imaoneka bwino pa chitsanzo. Gulu la achinyamata lingayambe ndi chiganizo chakuti "Achinyamata tonse, tsogolo lathu lafika, tiyeni tikasinthe dziko". M'chiganizochi muli fungo la mbali zingapo, choncho "tonse", "tsogolo lathu" ndi "tikasinthe" ziyenera kuchoka. Chotsala ndi achinyamata ndi ntchito yomwe akufunika kuchita. Apa m'pamene wopeka amafunsa chomwe chimalepheretsa wachinyamata kulembetsa, ndipo yankho lake kawirikawiri silikhudza ndale. Ena sadziwa kuti wa zaka 17 amaloledwa kulembetsa ngati adzakhale atakwanitsa zaka 18 pofika tsiku lovota. Ena alibe chiphaso cha unzika chochokera ku bungwe la NRB, chomwe munthu amatha kuchipeza kuyambira zaka 16, ndipo malamulo a chisankho a 2023 anachiika kukhala umboni wofunika polembetsa. Mawu okonzedwa bwino amayankha zimenezi: "Ukwanitsa zaka 18 pofika tsiku lovota? Tenga chiphaso chako, kalembetse." Ena achidule angakhale akuti "Wosalembetsa savota", omwe akunena zoona zokhazokha ndipo palibe chipani chingadandaule nawo. Kulankhula ndi "iwe" kumakhala bwino pamene achinyamata akuuzana okhaokha, koma pa chikwangwani cha bungwe, chomwe akuluakulu amawerenganso, "kalembetseni" ndiye waulemu.

Mawu asanasindikizidwe ayenera kuyesedwa. Amawerengedwa kwa achinyamata otsatira zipani zosiyanasiyana, aliyense payekha, n'kufunsidwa kuti akuganiza kuti uthengawo wachokera kwa ndani. Mmodzi yekha akatchula chipani, mawuwo abwerere kukakonzedwa. Ayesedwenso powakuwa pagulu, chifukwa mawu osakondera akakuwidwa m'kayimbidwe ka pamsonkhano wa chipani, kapena akatsatiridwa ndi "woyee", amasanduka kampeni. Malonjezo monga "Lembetsa upeze ntchito" ndi oyenera kuwapewa kotheratu. Kulembetsa sikupatsa munthu ntchito, ndipo wachinyamata wonamizidwa ulendo woyamba savutikanso kupita pa mzere ulendo wina.

Mawu okopa ali ndi malire ake. Kalembera wa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 anachitika m'magawo atatu kumapeto kwa 2024, gawo lililonse masabata awiri m'maboma ake. Wachinyamata wokopeka koma wosadziwa kuti kwawo kalembera akutha liti ankatha kufika pasukulu yolembetsera zipangizo zitapita kale ku boma lina. N'chifukwa chake pansi pa mawu okopa payenera kulembedwa dzina la malo olembetsera, tsiku loyamba ndi lomaliza, komanso chiphaso chofunika kutenga. Chikwangwani chopanda zinthu zimenezi sichinamalize ntchito yake, ngakhale mawu ake atakoma chotani.