Kusamutsa webusayiti popanda kutaya alendo ndi imelo

Mabungwe amene amataya makalata posamutsa webusayiti kawirikawiri amakhala atakopera mafayilo bwinobwino. Chimawagwetsa ndi kuganiza kuti akusamutsa chinthu chimodzi, pomwe zinthuzo ndi zitatu ndipo chilichonse chili ndi mwini mphamvu wake. Pali dzina la webusayiti, lomwe timati domeni, ndipo ili limalembetsedwa ku kampani yolembetsa mayina. Pali masamba enieniwo, omwe amakhala pa seva ya kampani yosunga mawebusayiti. Ndiye pali imelo, yomwe ingakhale pa seva yomweyo kapena kwina kulikonse. Cholumikiza zitatuzi ndi DNS, kaundula amene amauza makompyuta a padziko lonse kuti wofuna masamba apite pa adiresi iyi, wobweretsa kalata apite pa iyo. Kusamuka kwenikweni ndi kusintha mizere ingapo m'kaundulayu, pa nthawi yake komanso mwa ndondomeko yake.

Tiyerekeze bungwe laling'ono lomwe dzina lake ndi example.org. Lili ndi webusayiti ya WordPress, fomu yomwe anthu amalembetserapo maphunziro, ndi maakaunti a imelo asanu ndi atatu, zonse pa cPanel imodzi. Seva yakale ili pa 198.51.100.20, yatsopano pa 203.0.113.10.

Musanalipire kampani yatsopano ngakhale tambala, dziwani kuti domeni inalembetsedwa m'dzina la yani, ndipo ndani angathe kulowa mu akaunti yake. Si zachilendo kupeza kuti mnyamata amene anapanga webusayitiyo zaka zapitazo analembetsa dzinalo pa imelo yake, ndipo anachoka kalekale. Mukakhala kuti simungalowe mu akauntiyo, simungaloze dzina lanu kwina popanda kupempha wina. Yambani mwakonza zimenezi. Komanso dziwani kuti kusintha kampani yosunga webusayiti sikukukakamizani kusamutsa domeni. Kusamutsa domeni ndi ntchito ina, yokhala ndi malamulo ake. Pa mayina monga .com ndi .org malamulowo amaikidwa ndi bungwe la ICANN: mumachotsa loko wa domeni, mumatenga nambala yachinsinsi yomwe pa sikirini imalembedwa Auth code kapena EPP code, ndipo pempho lanu lingakanidwe ngati sipanathe masiku 60 chilembetsereni dzinalo kapena chisamutsireni komaliza. Mayina a mayiko monga .mw ndi .zm amayendera malamulo a kaundula wa dziko lawo. Ine ndimati domeni muisiye pomwe ili mpaka zina zonse zitakhazikika.

Kenako koperani mizere yonse ya DNS, osasiya ndi umodzi womwe, ndipo muyang'anitsitse wa MX, umene umanena kopita makalata. Mungauone chonchi:

```
dig +short example.org MX
dig +short mail.example.org
```

Pa Windows lamulo lake ndi `nslookup -type=mx example.org`. Apa mpomwe pali msampha umene umagwira ambiri. Pa maakaunti ambiri a cPanel, yankho loyamba limabwera `0 example.org.`, kutanthauza kuti makalata amatsata dzina lomwelo la webusayiti, ndipo `mail.example.org` imangokhala CNAME yoloza ku dzina lomwelonso. Zikatero, tsiku limene mudzasinthe mzere wa A kuti alendo apite ku seva yatsopano, makalata nawo adzatembenukira komweko inu musanafune. Ngati kumeneko kulibe maakaunti a imelo, seva idzayankha wotumiza kuti munthu wotere kulibe, ndipo kalatayo idzabwezedwa. Kalata yopeza seva yozima siyitayika msanga, chifukwa maseva otumiza amayesabe kwa masiku anayi kapena asanu. Koma yokanidwa chotere siyesedwanso.

Njira yake ndi kulekanitsa ziwirizi kukadali masiku. Sinthani `mail.example.org` ikhale mzere wa A woima pawokha, woloza ku seva yakale, ndipo MX iloze ku dzina limeneli:

```
example.org.       300  A   198.51.100.20
mail.example.org.  300  A   198.51.100.20
example.org.       300  MX  0 mail.example.org.
```

Palibe amene adzaone kusintha kulikonse tsiku limenelo, koma tsopano mungasunthe masamba imelo osaikhudza. Funsaninso antchito anzanu kuti mafoni awo anaikamo dzina liti la seva. Amene anaika `example.org` asinthe aike `mail.example.org`.

Nambala ya 300 mwaionayo ndi TTL, masekondi amene maseva a makampani a intaneti amaloledwa kusunga yankho asanafunsenso. Zomwe anthu amanena zoti kusintha kwa DNS kumatenga masiku awiri kuti kufalikire, gwero lake ndi nambala imeneyi. Palibe chimene chimafalikira ayi. Seva iliyonse imangogwiritsa yankho lakale mpaka nthawi yake itatha. Pa cPanel TTL imakonda kukhala 14400, omwe ndi maola anayi, ndipo kwina mudzapeza 86400, tsiku lathunthu. Mukaitsitsa kufika pa 300, kusamuka kumatheka m'mphindi zisanu kwa alendo ambiri, ndipo zinthu zikavuta mungabwerere msanga chimodzimodzi. Koma kutsitsako kumayamba kugwira ntchito pokhapokha TTL yakale itatha. Ngati inali 86400, itsitseni kutatsala masiku awiri. Kuitsitsa m'mawa wa tsiku losamuka n'kungodzisangalatsa.

Podikira, koperani webusayiti. Mafayilo onse apite, kuphatikizapo `.htaccess`, fayilo yobisika imene mapulogalamu ena okoperera saionetsa mpaka mutawauza. M'menemo ndi momwe mumakhala malamulo a maulalo, ndipo ikasowa tsamba loyamba limatseguka bwino koma ena onse amabweretsa 404. Detabesi muitulutse ndi phpMyAdmin, muilowetse ku seva yatsopano, kenako mulembe dzina lake latsopano, la wogwiritsa ntchito ndi pasiwedi mu `wp-config.php`. Onani ngati PHP ya uko ikufanana ndi ya kuno, poti pulogalamu yowonjezera yakale ikhoza kukana kuyenda pa PHP yatsopano. Pa nkhani ya alendo ochokera ku Google, lamulo ndi lalifupi: musasinthe maadiresi a masamba nthawi yomweyo. Dzina likakhala lomwelo, maulalo omwewo, makina ofufuzira sataya kanthu.

Musayese webusayiti yatsopano pa alendo anu. Kompyuta iliyonse ili ndi fayilo yotchedwa `hosts`, yomwe imafunsidwa DNS isanafunsidwe. Pa Windows ili pa `C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts`, pa Linux ndi Mac ili pa `/etc/hosts`. Onjezerani mzere uwu:

```
203.0.113.10  example.org  www.example.org
```

Inu nokha mudzaona seva yatsopano, dziko lonse likadali ku yakale. Lowani, ikani chithunzi, dzazani fomu, onani ngati uthenga wake wafika. Ukapanda kufika, pitani pa Email Routing mu cPanel yatsopano. Seva yatsopanoyo imadziyesa kale kuti ndiyo yolandira makalata a example.org, choncho imaika uthengawo m'bokosi lake m'malo mowutumiza ku yakale. Sankhani Remote Mail Exchanger kufikira tsiku losamutsa imelo. Mukamaliza kuyesa, chotsani mzere uja mu `hosts`.

Bulawuza ikhoza kukuchenjezani za setifiketi pa kuyesaku, ndipo alendo asadzaone chenjezo limeneli. Setifiketi zaulere za Let's Encrypt nthawi zambiri zimaperekedwa dzina likakhala kuti likuloza kale ku seva yopemphayo. Ndiye mwina mukopere setifiketi yakale pamodzi ndi kiyi wake pasadakhale, kapena mukhale tcheru kupempha yatsopano mukangosintha mzere wa A.

Tsiku losamuka sankhani ola limene alendo amachepa, koma anthu othandiza ku kampani yatsopano akadali maso. Imitsani fomu ndi kulemba kulikonse pa webusayiti yakale, tulutsaninso detabesi komaliza, lowetsani uko, kenako sinthani A ya `example.org` ndi ya `www` ngati ili payokha. Ngati pali mzere wa AAAA, usinthidwenso kapena uchotsedwe, apo ayi alendo ena adzapitabe ku seva yakale. Chifukwa choimitsira fomu n'chakuti munthu wolembetsa pa seva yakale mutakopera kale detabesi, dzina lake limatsalira komweko.

Imelo idikire masiku awiri kapena atatu. Pangani maakaunti onse asanu ndi atatu ku seva yatsopano ndi mayina omwewo, osaiwala maadiresi ongopatsira makalata kwa ena, omwe cPanel imawaika pa Forwarders. Amenewa ndiwo amaiwalika, poti alibe bokosi looneka. Makalata akale akopereni MX isanasinthe, bokosi limodzilimodzi:

```
imapsync --host1 198.51.100.20 --user1 info@example.org --password1 '...' \
         --host2 203.0.113.10 --user2 info@example.org --password2 '...'
```

Mukatero sinthani A ya `mail.example.org`, bwezerani Email Routing pa Local Mail Exchanger, ndipo muyendetsenso lamulo lomweli madzulo ake ndi mawa lake. Limangotenga makalata amene sanakoperedwe, monga aja anagwera ku seva yakale pa nthawi yosinthayo. Amene amawerenga imelo ndi POP3 osati IMAP achenjere: makalata awo akale akhoza kukhala pa kompyuta yawo yokha, choncho asafufute akaunti mu Outlook asanasunge kope.

Kulandira makalata ndi theka chabe la ntchito. Kuti anu asamagwere mu Spam kwa anthu, mzere wa SPF utchule seva yatsopano, ndipo ndi bwino kuuika musanasamutse n'komwe webusayiti, popeza fomu nayo imatumiza makalata:

```
v=spf1 ip4:198.51.100.20 ip4:203.0.113.10 ~all
```

SPF ikhale imodzi yokha pa dzinalo, ziwiri zimaonongana. Seva yatsopano imakhalanso ndi kiyi wake wa DKIM, amene muyenera kumuika mu DNS. Tumizani kalata ku akaunti ya Gmail, tsegulani Show original, muone ngati SPF ndi DKIM zalembedwa PASS.

Chatsala chinthu chimodzi chomwe chimagwetsa anthu pa mapeto penipeni. Ngati DNS yanu imasungidwa ndi kampani yakaleyo, tsiku lomwe adzatseke akaunti yanu kaundula yense adzapita nayo, ndipo webusayiti ndi imelo zidzazima limodzi ngakhale zili bwinobwino pa seva yatsopano. Lembani mizere yonse mofanana ku malo atsopano, kenako ku kampani yolembetsa dzina musinthe pa Nameservers. Uku ndiko kusintha kochedwa, chifukwa TTL yake si yanu kuilamulira, pa .com ndi 172800, maola 48. Malinga ngati mbali zonse ziwiri zikuyankha zofanana, mlendo sadziwa kanthu. Ngati DNSSEC inali yoyatsa, zimitsani kaye ndi kudikira masiku angapo musanasinthe, apo ayi dzina lanu lidzakanidwa m'malo ambiri.

Lendi ya nyumba ziwiri kwa mwezi umodzi imawawa, komabe musabweze makiyi katundu akadali m'kati. Siyani akaunti yakale iyende milungu iwiri kapena inayi. Onani malekodi a alendo pa seva yakale, tsegulani mabokosi ake a imelo, ndipo mukaona kuti kwa sabata yathunthu sikunafike kalata kapena mlendo weniweni, tengani kope lomaliza la zonse, bwezerani TTL pa 3600 kapena kuposa, chotsani adiresi yakale mu SPF, kenako mulembere kampaniyo kuti itseke.