Kufotokoza zofooka za kafukufuku wa m'chipatala

Zofooka za kafukufuku ndi gawo la lipoti la digiri limene wophunzira amalembamo zimene zotsatira zake sizingatsimikize. Pa kafukufuku wa m'chipatala, chofooka chofala ndi mipata: mayankho kapena miyezo yosalembedwa m'kaundula kapena m'buku la kuchipatala la wodwala. Ndondomeko ya STROBE ya 2007 imafuna kuti wolemba atchule chiwerengero cha anthu amene ali ndi mipata pa chinthu chilichonse choyezedwa.

Chifukwa cha mipata

Mu 1976, katswiri wa ziwerengero Donald Rubin anasonyeza kuti kuopsa kwa mipata kumadalira chimene chinaibweretsa. Zipangizo zoyezera magazi zikatha kwa sabata imodzi, amayi osayezedwa kawirikawiri sasiyana ndi anzawo. Mipata yotere imangochepetsa chiwerengero.

Koma m'dera la fodya ngati Lisasadzi m'boma la Kasungu, matenanti ena amasamuka m'maesiteti malonda a fodya akatha. Mayi wa m'banja lotere akhoza kuyamba sikelo kuno n'kukachirira kwina. Ngati osamukawo ndiwo amene amavutika kwambiri kupeza chakudya, zotsatira zochokera kwa otsala zimaonetsa dera lathanzi kuposa mmene lilili.

Chitsanzo

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Wophunzira wawerenga kaundula wa amayi oyembekezera 200. Mulingo wa magazi walembedwa pa amayi 150 okha, ndipo 60 mwa iwo ali pansi pa 11 g/dL, malire amene bungwe la WHO limagwiritsa ntchito ponena za kuchepa kwa magazi mwa amayi oyembekezera m'miyezi itatu yoyamba ndi itatu yomaliza ya pakati. Mwa oyezedwa, amenewa ndi 40 pa 100 alionse.

Za amayi 50 otsalawo kaundula sakunena kanthu. Ngati onse ali ndi magazi okwanira, odwala ndi 60 mwa 200, kutanthauza 30 pa 100. Ngati onse ali ndi vutoli, odwala ndi 110 mwa 200, kutanthauza 55 pa 100. Choncho yankho lenileni la amayi 200 amenewa lili pakati pa 30 ndi 55.

Kalembedwe koyenera

Kungolemba kuti mayankho ena anasowa sikuthandiza wowerenga. Ndime yabwino imatchula kuti amayi 50 mwa 200 alibe muyezo, ndipo imayerekeza zaka ndi midzi yawo ndi za oyezedwa. Ngati ambiri mwa iwo ndi a m'maesiteti, imanena poyera kuti 40 pa 100 ikhoza kukhala yochepa. Imakumbutsanso kuti kaundula ali ndi amayi ofika kuchipatala okha, osati amayi onse a m'deralo.

Kudzaza mipata ndi manambala ongopeka ndi chinyengo. Kuchotsa amayi 50 mwakachetechete kumaonekera pamene chiwerengero cha anthu chikusiyana pakati pa matebulo a lipoti popanda kufotokoza, ndipo oyesa mayeso a digiri amafunsa za kusiyana kumeneku.