Heterosikedasitisite: Kumwazikana Kosafanana m'Kafukufuku wa Manambala

Heterosikedasitisite ndi vuto limene limabuka pamene manambala a kafukufuku akumwazikana mosafanana mozungulira mzere wofotokoza ubale wa zinthu ziwiri. Chitsanzo chodziwika ndi cha ndalama zimene banja limapeza ndi zimene limagulira chakudya. M'chaka cha 1857, Ernst Engel wa ku Germany anasanthula kagwiritsidwe ntchito ka ndalama m'mabanja a anthu apantchito ku Belgium. Manambalawo akaikidwa pa chithunzi, mabanja osauka amaunjikana pafupi ndi mzere, chifukwa amene amapeza zochepa alibe mwayi wosankha. Mabanja opeza bwino amabalalika: ena amadya mwaufulu, ena amaumira. Choncho madontho amayamba mothithikana kenako n'kutambasuka ngati chipepeso.

Njira imene akatswiri amajambulira mzerewo, yotchedwa OLS m'mapulogalamu a kompyuta, imapereka manambala awiri ofunika. Yoyamba ndi kupendekeka kwa mzere, kumene kumanena kuti pa kwacha iliyonse yowonjezera, ndi zingati zimapita ku chakudya. Yachiwiri ndi muyezo wa kusatsimikizika, wolembedwa `Std. err.` m'pulogalamu ya Stata, umene umasonyeza mmene yankho lingasinthire kafukufuku atabwerezedwa pa mabanja ena. Kumwazikana kosafanana sikukhotetsa nambala yoyamba. Chimene chimawonongeka ndi yachiwiri, chifukwa kawerengedwe kake kamatenga mabanja onse ngati omwazikana mofanana. Koma mabanja olemera kwambiri, pokhala kumapeto kwa mzere, ndiwo amaukoka mwamphamvu, ndipo ndi omwewonso osadalirika. Zikatero muyezowo umatuluka wochepa kuposa mmene uyenera kukhalira. Kumwazikana kukachuluka pakati pa mzere m'malo mwa kumapeto, muyezowo umatha kukula mopyola.

Mwachitsanzo, kupendekeka kukhale 0.30 ndipo muyezo wa kusatsimikizika ukhale 0.02. Mwachizolowezi, wofufuza amachulukitsa muyezowo kawiri, n'kuwonjezera ndi kuchotsa, ndipo amalengeza kuti yankho lenileni lili pakati pa 0.26 ndi 0.34. Ngati muyezo woona uli 0.05, malirewo ndi 0.20 ndi 0.40. Mzere sunasunthe, koma wofufuzayo walankhula motsimikiza kuposa umboni umene ali nawo, ndipo amene angakonze ndondomeko ya thandizo la chakudya potsamira lipotilo asokeretsedwa.

Vutoli limadziwika poyang'ana zotsalira, ndiko kuti kusiyana kwa ndalama zimene banja linagwiritsadi ntchito ndi zimene mzere unalosera. Zotsalirazo zikamakula pamene ndalama zopeza zikukwera, ndiye kuti vuto lilipo. Palinso mayeso amene Trevor Breusch ndi Adrian Pagan anafalitsa mu 1979, ofufuza ngati kukula kwa zotsalira kukuyendera limodzi ndi ndalama zopezazo.

Mankhwala oyamba ndi muyezo wolimba, umene Halbert White anatchukitsa mu 1980 pomanga pa ntchito ya Friedhelm Eicker ndi Peter Huber. Njirayi imasiya mzere momwe ulili, n'kuwerengeranso muyezo wa kusatsimikizika pogwiritsa ntchito chotsalira cha banja lililonse palokha, chitachulukitsidwa ndi icho chomwe. Mu Stata zimalembedwa motere:

```
regress chakudya ndalama, vce(robust)
```

Ubwino wake ndi wakuti wofufuza safunika kudziwa mmene kumwazikanako kukukulira. Koma njirayi imadalira kuchuluka kwa mabanja. Akakhala ochepa, muyezowo umathabe kuchepa, n'chifukwa chake James MacKinnon ndi White anapereka kakonzedwe kena mu 1985, kodziwika kuti HC3.

Mankhwala achiwiri, otchedwa WLS, amajambulanso mzere weniweniwo popatsa banja lililonse kulemera kolingana ndi kudalirika kwake. Tiyerekeze kuti kumwazikana kukukula molingana ndi ndalama zopeza. Mabanja opeza K100,000 pamwezi akutalikira mzere ndi K10,000, pamene opeza K400,000 akutalikira ndi K40,000. Kumwazikana kwa gulu lachiwiri ndi kowirikiza kanayi, ndipo popeza kawerengedweka kamachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, banja la gulu loyamba limalemera ka 16 kuposa la gulu lachiwiri. Kulemerako kukasankhidwa molondola, mzere umatuluka wodalirika kuposa wa OLS, ndipo malire a yankho amafupika moona.

Chovuta ndi chakuti kulemera koyenera sikudziwika kawirikawiri, kumangoyerekezedwa kuchokera ku zotsalira zomwezo. Kukalakwika, muyezo wa kusatsimikizika umalakwikanso, choncho ofufuza ena amaphatikiza WLS ndi muyezo wolimba kuti adziteteze. Komabe njira ziwirizi sizikonza mzere umene unajambulidwa molakwika kuyambira pachiyambi. Ngati chinthu chofunika monga kukula kwa banja chasiyidwa kunja, kapena ubale wokhota wakakamizidwa kukhala wowongoka, choyenera kukonzedwa ndi mzerewo, osati muyezo wake wokha.